Miyezi 8 tikugawana intaneti pa bulutufu: batire lapuma, mayunitsi ndiwo analira

"Alamu, zija munkachita zogawana intaneti pa bulutufu zikugwirabe? Hotisipoti ikundithera batire isanakwane 12 koloko."

Zikugwira alamu, koma musanatengeke mumve kaye zomwe taona ine ndi mayi akunyumba pa okala yathu ku Chibavi.

Bandulo timagula imodzi, ya mwezi, pa foni yanga. Kale ndikayatsa hotisipoti foni inkatentha ngati mbatata yootcha, ndipo tsiku loti magetsi azima m'mawa, pofika masana inali itafa. Pa bulutufu siitentha, ndipo imafika madzulo. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Kulumikiza kwake pa Android n'kotere. Yatsani bulutufu pa mafoni onse awiri, muwadziwanitse povomereza manambala omwe atuluke pa onse. Pa foni yokhala ndi bandulo lowani mu Settings, mupeze Hotspot & tethering, muyatse Bluetooth tethering. Ambiri amalekera pomwepa n'kumati sizigwira. Pa foni yolandira muyenera kulowa pa mndandanda wa bulutufu, kudina kachizindikiro kali pambali pa dzina la foni inzakeyo, n'kuyatsa Internet access. Mayina amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni, koma masiwichi ndi awiri omwewo.

Liwiro musaliyembekezere. Njirayi siipitirira kwenikweni 2 Mbps, ngakhale pafoni palembedwe 4G, ndipo ife nthawi zambiri timapeza cha m'ma 1 Mbps. Ndiye kuti kanema wa 10 MB amatenga masekondi pafupifupi 80, pomwe fayilo ya 100 MB imadya mphindi zoposa 13. Mauthenga a WhatsApp, mavoisi ndi zithunzi za katundu zimadutsa bwinobwino. Kuimbirana pa kanema ndiye iwalani, nkhope imangouma pakamwa pali yasa.

Tsopano chomwe chinandipweteka. Bulutufu imafika mamita 10 basi, pakakhala khoma la njerwa imachepera pamenepo. Ine ndikanyamuka kupita kukapikula katundu ku msika waukulu, kapena kungopita kuseri kokha, kulumikizana kumaduka mwakachetechete. Ndikabwerera, mafoni athu salumikizananso okha ngati momwe imachitira hotisipoti. Dzina la foni yanga limaonekabe pa mndandanda wa mayi, iwo n'kumaganiza kuti zili bwino, chonsecho Internet access ikufunika kudinidwanso. Foni yanga ikazima n'kuyakanso, nayo Bluetooth tethering imapezeka yazima.

Vuto linakula chifukwa mayi ankasiya data yoyatsa pa foni yawo. Ulalo ukaduka foniyo inkangotembenukira ku simu yawo yopanda bandulo, n'kumadya mayunitsi. Mwezi wa Juni, kukuzizira kuja kwa kuno koti zala sizifuna kugwira foni, anaika mayunitsi katatu sabata imodzi. Anafika pondifunsa kuti, "Bambo a Chisomo, kapena mukumaimbira anthu ena pa foni yangayi?" Ndinachita kutsegula Data usage pa foni yawo, n'kuwaonetsa kuti simu yawo ndiyo yakhala ikukoka intaneti. Kuyambira tsiku limenelo Mobile data pa foni yawo ndi yozima. Ulalo ukaduka uthenga umangoima ndi kawotchi kaja, iwo n'kudziwa kuti adinenso. Zimatopetsa, kanayi kasanu pa tsiku, koma sizidya ndalama.

Kena kakang'ono: mapulogalamu ena amakana kuti palibe intaneti pomwe WhatsApp ikuyenda, chifukwa amafufuza Wi-Fi kapena data yokha. Zikatero ndimayatsa hotisipoti mphindi zisanu, n'kuzimitsa.

Chomwe ndinachedwa kuzindikira n'chakuti hotisipoti sinali yolakwa yokha. Mwezi watha chivundikiro cha kumbuyo chinayamba kutukuka, foni n'kumazima ili pa 30%. Wokonza mafoni atatsegula anapeza batire lotupa ngati chitumbuwa. Foniyi ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mnyamata wina m'tauni, yemwe analumbira kuti batire ndi latsopano. Nditabwerera anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Bwana, mwina mumatchajira pa sola." Anakana kusintha, akuti masiku 30 omwe tinagwirizana anadutsa kalekale. Zoona anadutsa, ndipo ndi bulutufu yomweyi inandigoneka tulo: ikanakhala kuti ndinapitiriza ndi hotisipoti, ndikanabwerera kwa iye sabata yachiwiri.

Batire lina ndagula ndi ndalama zanga, pafupifupi mtengo wa bandulo ya miyezi iwiri. Ndi latsopanoli hotisipoti imapirira mpaka cha m'ma 3 koloko, koma masiku opanda magetsi timabwererabe ku bulutufu. Ndiye alamu yesani, sizilipiritsa, koma muyambe mwayang'ana kumbuyo kwa foni yanuyo ngati sikunatukuke. Ngati munagula kwa mnyamata yemwe uja ndinakulozerani, pitani mawa lomwe masiku anu asanathe.