Miyezi 8 ndi gemu yokhala ndi pulogalamu yoletsa kubera

Patha miyezi 8 ndikusewera gemu ina yowomberana pa intaneti, ndipo pa nthawi yonseyi yakana kutseguka kawiri. Poyamba ndinkaona ngati pulogalamu yake yoletsa kubera ikungondivutitsa, koma tsopano ndamvetsa kuti siingadziwe cholinga cha munthu. Chomwe imaona ndi njira imene chinthu chachilendo chalowera mu gemuyo.

Ulendo woyamba vuto ndinalipalamula ndekha. Ndinaika modi, yomwe ndi pulogalamu yowonjezera pa gemu, yokongoletsa mitundu ya zithunzi, kenako ndinaichotsa, koma fayilo yake ya `dxgi.dll` inatsalira mufoda ya gemu. Fayilo yeniyeni ya dzinali imakhala mu `C:\Windows\System32`, koma Windows imayamba yafufuza mufoda ya gemu, motero yotsalirayo ndi imene inkatengedwa. Ikalowa, imadziika pakati pa gemu ndi DirectX, mbali ya Windows yothandiza magemu kujambula zithunzi, pa lamulo lotchedwa `Present` lomwe limatumiza chithunzi chilichonse pa sikirini, n'kusintha chithunzicho chisanaoneke. Wobera amene amajambula adani obisala kuseri kwa khoma amadzera pakhomo lomwelo, ndipo ovalei yoonetsa kutentha kwa kompyuta pakona ya sikirini nayonso imadzera pomwepo. N'chifukwa chake ma ovalei odziwika, okhala ndi siginecha ya owapanga, kawirikawiri amaloledwa, pomwe fayilo yosadziwika imatsekeredwa kunja.

Ndinataya madzulo awiri ndikudina batani lotsimikizira mafayilo a gemu, osadziwa kuti limangokonza owonongeka kapena osowa, silichotsa owonjezera. Nditasanja mafayilo a mufodamo potsata masiku, `dxgi.dll` inaonekera poyera chifukwa deti lake linali losiyana ndi la anzake. Ndinaifufuta, gemu n'kutseguka nthawi yomweyo.

Ulendo wachiwiri ndinayesa kuisewera mu kompyuta yoyerekezera, ija imayenda mkati mwa kompyuta ina, ndipo apa panalibe chokonza. Pulogalamu yoyendetsa kompyuta yoteroyo imakhala kunja kwa Windows imene gemu ikuyendamo, moti ikhoza kuwerenga memole ya gemu popanda woletsa kubera kuona kanthu, ndiponso ikhoza kusintha manambala ozindikiritsa zipangizo kuti munthu woletsedwa abwerere ngati mlendo. Kuzindikira kuti gemu ili mu kompyuta yoyerekezera sikuvuta kwenikweni: lamulo la purosesa la `CPUID` lili ndi chizindikiro chosonyeza zimenezi, ndipo mayina a disiki ndi zipangizo zina zoyerekezera amaulula.

Chimene chimandidandaulitsabe ndi uthenga umene umabwera gemu ikakana. Nthawi zambiri ndi nambala chabe kapena mawu ochepa osatchula fayilo yolakwa, ndipo ngakhale ndikumvetsa kuti opanga safuna kuphunzitsa obera, wosewera wosalakwa ndi amene amataya nthawi. Panopa ma modi ndimawayesa pa magemu osewera ndekha basi, ndipo ndisanatsegule ya pa intanetiyi ndimayamba ndatseka ovalei ya kutentha ija.