Kampani imodzi, maudindo anayi: pa CV muzilembe bwanji?

Pali anthu akhala pa kampani imodzi zaka khumi, akwezedwa katatu, koma ukaona CV yawo umangoganiza kuti ndi munthu wosakhazikika, zaka ziwiri uku zaka zitatu uko. Vuto si ntchito yomwe anagwira ayi, ndi kayalidwe basi. Wolemba anthu ntchito sawerenga mzere uliwonse poyamba, maso ake amangotsetsereka kumanzere kuona mayina a makampani, kenako kumanja kuona madeti, ndiye akaona mitu inayi yakuda bii amawerenga kuti ntchito zinayi.

Titenge munthu wa maakaunti pa kampani ina yogulitsa katundu wa holoselo ku Limbe. Analowa ngati kalaliki mu Malichi 2015, mu Julaye 2017 anakhala wothandizira akauntanti, mu Januwale 2020 akauntanti weniweni, ndipo kuyambira Seputembala 2023 ndi manijala wa zachuma. Nkhani yake ndi yokoma kale, funso ndi loti ayiyale motani.

Njira yomwe ambiri timayambira ndi yolemba dzina la kampani mobwereza, udindo uliwonse dzina la kampani pamwamba, tauni, madeti, pansi zipolopolo, timizere tija tofotokoza zomwe munkachita, kenako kuyambiranso. Imeneyi ndi yomwe imabweretsa chisokonezo chija. Komatu siyachabechabe, ili ndi pake. Makampani akuluakulu ndi mabungwe akunja ambiri amalandira ma CV kudzera pa makina aja amati ATS, omwe amadula CV yanu nkuika dzina la kampani, udindo ndi madeti m'timabokosi tawo. Makina ena akapeza udindo wopanda dzina la kampani pambali pake amasokonezeka, bokosi la kampani nkutsala lopanda kanthu kapena maudindo awiri nkuphatikizana. Kubwereza dzina kumathetsa zimenezo. Ndiye makina imawasangalatsa, munthu imamusocheretsa, komanso imadya malo, mizere inayi yonena chinthu chimodzi.

Yachiwiri ndi younjika maudindo onse pansi pa dzina limodzi, zipolopolo zonse nkubwera pamodzi kumapeto:

```
DZINA LA KAMPANI, Limbe   Mar 2015 - Present
Finance Manager           Sep 2023 - Present
Accountant                Jan 2020 - Aug 2023
Assistant Accountant      Jul 2017 - Dec 2019
Accounts Clerk            Mar 2015 - Jun 2017
```

Kuoneka kwake nkwabwino zedi, makwerero onse akuoneka pakamodzi ndipo palibe anganene kuti ndi ntchito zosiyana. Koma taganizani zipolopolo zomwe zibwere pansipo. Wina akuwerenga kuti munkalemba mavaucha a ndalama zazing'ono za mu ofesi, mzere wotsatira mukukonza bajeti ya chaka nkukaipereka ku bodi, ndiye iyeyo adziwa bwanji kuti chiti munachita liti? Akhoza kuganiza kuti manijala wathuyu mpaka pano akuthamanga ndi mavaucha, kapena kuti bajetiyo mwakhala mukukonza kuyambira 2015, zomwe pa intavyu zikakutsamwitsani. Kuunjika kumayenda bwino pomwe ntchito sinasinthe kwenikweni, dzina lokha ndi giredi ndi zomwe zinakwera, ngati mphunzitsi kapena namwino yemwe anangowonjezeredwa mawu oti wamkulu koma kalasi kapena wodi ndi yomweyo.

Ine yomwe ndimaikonda ndi yachitatu, dzina la kampani kamodzi kokha, lakuda, madeti onse kuyambira tsiku lolowa mpaka lero pambali pake, kenako udindo uliwonse pansi ndi madeti ake komanso zipolopolo zake. Chinsinsi chake chili pa kakulidwe ka zilembo. Dzina la kampani likhale lolemera kuposa maudindo, maudindo alowe mkati pang'ono kapena akhale a zilembo zopepuka, ndipo mpata pakati pa udindo ndi udindo ukhale wochepa kuposa mpata wa pakati pa kampani iyi ndi ina. Mukapanga zonse zakuda mofanana ndi mipata yofanana mwabwerera ku vuto lija ngakhale dzina mwalemba kamodzi.

Kwa munthu wathu wa ku Limbe sindingapatse maudindo onse anayi malo ofanana. Umanijala utenge zipolopolo zinayi kapena zisanu, anthu angati ali pansi pake, bajeti, ma odita, malipoti a ku bodi. Uakauntanti zitatu, kutseka mabuku a mwezi, za misonkho ya ku MRA, malipiro a antchito. Maudindo awiri oyambirirawo ndingawaunjike pamodzi ndi chipolopolo chimodzi kapena ziwiri, poti amene akufuna manijala wa zachuma alibe nazo ntchito kwambiri za mu 2016, amangofuna kuona kuti munayambira pansi. Apa ndiye kuti mwasakaniza njira yachiwiri ndi yachitatu, ndipo palibe cholakwika. Chipolopolo choyamba pa udindo watsopano chinene za kukwezedwako ndi chifukwa chake ngati chilipo chenicheni:

```
Promoted from Accountant after leading the move to a new accounting system
```

Mzere umodzi ngati umenewu umamanga maudindo awiri pamodzi kuposa kayalidwe kalikonse. Koma musaubwereze pa udindo uliwonse, kamodzi kapena kawiri zakwana.

Nanga makina aja? Pali kayeso kosavuta. Koperani CV yonse muyimate mu Notepad, muone ngati udindo uliwonse ukadali pamzere umodzi ndi madeti ake. Ngati madeti athawira kwina ndiye kuti munagwiritsa ntchito tebulo kapena makolamu, zichotseni. Ndipo pa mawebusaiti omwe amadzaza okha fomu mukakweza CV, osangodina kupitiriza, werengani zomwe adzazazo, pomwe bokosi la kampani lilibe kanthu lembani dzinalo pamanja. Mu fomu kubwereza dzina si vuto. Ena amasunga ma CV awiri, ya munthu ndi ya makina, ndi bwino ndithu bola madeti afanane.

Pali njira inanso yomwe ndimaiona kawirikawiri, kulemba udindo womaliza wokha ndi madeti onse, manijala wa zachuma 2015 mpaka lero. Iyi ayi. Ndi bodza, ndipo likagwidwa tsiku lomwe aimbira foni ku ofesi yanu yakale kapena akapempha kalata yomwe anakulemberani ntchito. Komanso mwataya chinthu chomwe chikanakugulitsani, kukwezedwa katatu kuja. Ngati malo avutadi, udindo womaliza ukhale ndi madeti ake enieni, pansi mzere umodzi wotchula ena aja ndi zaka zake.

Tizinthu tina tomwe timapunthwitsa. Kugwirizira udindo si kukwezedwa, lembani `Acting` poyera ndi miyezi yake. Kusamutsidwa dipatimenti pa giredi yomweyo kukhale pansi pa dzina lomwelo koma osalemba `Promoted`. Kampani ikasintha dzina kapena kugulidwa, mutu ukhale umodzi, dzina latsopano kenako `formerly` ndi lakalelo. Koma ngati munachoka nkukagwira kwina kenako nkubwerera, pamenepo ndi ntchito ziwiridi, zilembeni padera kuti madeti asaname.

Pa LinkedIn nkhani ndi ina pang'ono, imaunjika yokha maudindo otsatana pansi pa chizindikiro chimodzi cha kampani, bola posankha kampani mudine tsamba lomwelo pa udindo uliwonse. Mukalemba dzina pamanja mosiyana, pena ndi `Ltd` pena popanda, imawagawa ngati makampani awiri, ndiye mulowenso pa udindo uliwonse musankhe kampaniyo pa mndandanda womwe umatsika mukamalemba.