Cycles kapena EEVEE pa laputopu yosauka?

Anzanga kuno ku Kawale akhala akundifunsa kuti mu Blender, pulogalamu yopangira makanema a 3D, ndimarenda ndi chiyani pakati pa Cycles ndi EEVEE, ma injini osandutsa zomwe waumba kukhala zithunzi, ndiye ndiyankhe kamodzi. Laputopu yanga ndi yakaunjika, RAM 8 GB, yopanda khadi yazithunzi yapayokha, ndipo batire inatha kalekale. Kakanema kanga ndi ka masekondi 10, mayi akupereka mandasi kwa wakabaza. Pa mafulemu 24 pa sekondi, ndi mafulemu 240.

Poumba thupi, poika mafupa ndi Rigify komanso poyendetsa anthuwo, ma injini awiriwa sasiyana. Ingoyatsani Simplify, Max Subdivision ya Viewport ikhale 0, apo ayi wakabaza wanu azidzayenda modukizadukiza ndipo simudzadziwa ngati dzanja likufika pa beseni nthawi yake.

Kusiyana kuli pa nthawi, ndipo apa mpamene pandipwetekabe. Cycles imatsata kuwala ukugunda chinthu nkubwerera, nchifukwa chake kufiira kwa chitenje kunkaonekera pa beseni ngati zenizeni. Koma popanda khadi yoyenera, ntchito yonse imagwera purosesa. Fulemu imodzi inkanditengera mphindi 6, kutanthauza maola 24 kakanema konse. Ndinayamba 6 koloko madzulo, ndikutulutsa mwachindunji MP4. Cha m'ma 9 m'mawa, ili pafupi ndi fulemu 150, magetsi anazima ndipo laputopu inatsatira pomwepo. Fayilo inakana kutseguka chifukwa MP4 imamalizidwa kulembedwa kumapeto. Maola 15 anapita pachabe.

Nditayesa kuchepetsa Max Samples kufika 32 nkudalira Denoise, fulemu iliyonse payokha inkaoneka yoyera, koma poziseweretsa nkhope ya mayi uja inkanyezimanyezima. Vuto limeneli simungalione pa chithunzi chimodzi, muyenera kurenda mafulemu khumi otsatizana nkuwayendetsa.

EEVEE, yomwe inabwera ndi Blender 2.80 mu 2019, inkatenga masekondi 15 pa fulemu pa makina omwewo. Ola limodzi, basi. Zofooka ili nazo: chinthu chomwe sichili pamaso pa kamera sichionekera bwino pa belu lonyezimira la njinga, ndipo kuwala kunkadutsa khoma lopyapyala la kagolosale mpaka nditalinenepetsa. Zokonzeka zimenezi. Chachikulu nchakuti nditaona kuti phazi la wakabaza likutsetsereka pansi, ndinakonza nkurendanso tsiku lomwelo.

Iliyonse mungasankhe, tulutsani PNG, fulemu iliyonse fayilo yake, ndipo chotsani chizindikiro pa Overwrite kuti magetsi akabwera idumphe zomwe inamaliza kale. Mukhozanso kupitiriza osatsegula zenera la Blender, mwachitsanzo kuchokera pa fulemu 151 mpaka 240:

```
blender -b mandasi.blend -s 151 -e 240 -a
```

Kenako lumikizani zithunzizo mu Video Sequencer. Ine Cycles ndinaisiyira chithunzi chimodzi chapachikuto, zoyenda zonse ndi EEVEE mpaka ndidzapeze makina ena.