Ndemanga yanga pa achemwali omwe anandiunikira tchanelo cha YouTube kuno ku Mzuzu

Ndadikira dala masabata 6 ndisanalembe kuti ndiyambe ndaona ngati ndalama yanga yagwira ntchito. Tchanelo changa ndi chophika, kondowole, batala waku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero, zakwathu basi. Kale vidiyo imodzi imatha kufika anthu 2,000 koma kwa miyezi 8 ndimangozungulira pa 300 mwina 400, bandulo ikungothera kuapulodi, mpaka ndinayamba kuganiza kuti YouTube yanditsekera dala. Mnzanga wina ndi amene anandilumikiza ndi achemwali ena aku Katoto omwe amaunika matchanelo, anati K40,000 kukumana kawiri.

Choyamba chomwe chinandisangalatsa, pasiwedi sanandifunse. Ndinalowa ndekha mu YouTube Studio pa laputopu yawo iwo atakhala pambali ndi kope. Anati tilembe mavidiyo onse 40 omaliza m'magulu potengera nkhani yake, ndiye anatuluka magulu atatu, zophika, maulendo, ndi zinkhoswe. Ine ndimati ndili ndi tchanelo chophika koma pa mavidiyo 15 omalizira ophika anali 5 okha. Zinandikhudza, chifukwa ndinasochera osazindikira.

Kenako tinalowa mu Analytics kufananiza masiku 90 omalizawa ndi masiku 90 a nthawi yomwe zimayenda. Apa ndi pomwe ndinaona kuti ntchito amaidziwa. Anati "asisi, musamangoyang'ana mavyuzi, funsani kaye ngati YouTube ikuionetsa vidiyoyo kwa anthu, kenako mufunse ngati omwe aionawo akudina." Choyambacho ndi Impressions, chachiwiri ndi Impressions click-through rate. Pa zophika Impressions inali isanatsike kwenikweni, kutanthauza kuti anthu zimawafikabe, koma odina anachoka pa 7% kufika pa 3%. Ndiye vuto silinali chakudya ayi, linali chikuto. Tinaika mathambunelo akale ndi atsopano pamodzi pa sikirini ya foni, akale mumaona mbale ya kondowole pafupi, nsomba ikunyezimira mafuta, pomwe atsopano ndi nkhope yanga m'khitchini mwamdima tsiku la chifunga, poto ali kutali ngati kadontho, mutu wake "Episode 23". Munthu amene sakundidziwa angadine chani pamenepo?

Anandichenjezanso kuti peresenti imeneyi imatha kutsika popanda cholakwika, vidiyo ikayamba kuonetsedwa kwa anthu ambiri achilendo omwe sakukudziwa. Nchifukwa chake sanangotenga nambala yonse, anayang'ana ya Browse features payokha, ya omwe amaipeza vidiyo patsamba loyamba la YouTube, kale ndi pano, ndipo kwa ine inatsika pomwe Impressions sinakwere.

Za owonera ndi zomwe sindimaziganizira nkomwe. Pa Audience tinapeza kuti ambiri omwe amabwerera kudzaonera zophika ali ku Joni, anthu osowa zakumudzi, ndipo amakhala pa YouTube usiku akaweruka. Ndiye panali vidiyo ina ya chinkhoswe cha msuweni wanga ku Chibavi yomwe inayenda kwambiri, ine nkumati ndapeza njira, nkuyamba kujambula zinkhoswe zambiri. Titatsegula Traffic source yake zinaoneka kuti ambiri anachokera ku External, WhatsApp, abale kutumizirana kuti adzione akuvina perekaniperekani. Anasabusikiraiba inde koma sanabwerenso, ndipo zinkhoswe zotsatirazo mzere wa Audience retention, woonetsa pomwe anthu amasiyira kuonera, umagwa mphindi yoyamba isanathe. Uku anthu anga aku Joni aja akumapeza zinkhoswe za anthu osawadziwa nkumangodutsa.

Zomwe anandiuza kuchita sizinali zambiri. Mavidiyo 6 otsatizana ophika okhaokha, chakudya chioneke pafupi pa thambunelo ndipo ndijambulire panja kukawala, mutu utchule chakudyacho mmene munthu angachilembere posaka. "Episode 23" ija ndinaisintha kukhala "Kaphikidwe ka kondowole osachita mabulunga". Anati ndisasinthe zonse tsiku limodzi kuti ndidziwe chomwe chathandiza, ndiye ndinayamba ndi mathambunelo a mavidiyo atatu, mitu ndinasintha patatha masabata awiri.

Pano zophika zatsopano zikufika cha m'ma 900 ndipo odina ali pa 5%. Pa 2,000 paja sindinabwererepo, iwonso sanalonjeze zimenezo.

Chomwe chinandiwawa, lipoti lolemba anati masiku atatu koma linabwera patatha masabata awiri nditaimba kangapo, lili m'Chingerezi chokhachokha chonsecho timacheza m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, moti zina ndinachita kufunsanso. Komanso za mawu sanazikhudze, pomwe ineyo ndikudziwa kuti mvula ikamagwa pa malata ku Mchengautuwa kuno mawu anga samveka. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo ngati mavidiyo anu sanakwane 20 dikirani kaye, iwo eni anandiuza kuti ochepa choncho alibe pofananizira.