Pepa la HPTN 052 mu mphindi 10: kutsata pepa momwe lilili kapena kuyamba ndi funso limodzi?

Semesita yapitayi tinapatsidwa pepa limodzi anthu awiri, aliyense akapange masilaidi ake a semina ya mphindi 10, ndiye ine ndi mnzangayo tinayenda njira ziwiri zosiyana kwambiri. Ndikufuna ndiziike pambali ndi pambali chifukwa ambiri timangotsegula PowerPoint nkuyamba kukopera osaganiza kaye kuti nkhani iyenda bwanji.

Pepa lake linali lija la HPTN 052, la Myron Cohen ndi anzake, lomwe linatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2011. Anatenga maanja 1,763 omwe mmodzi ali ndi HIV mnzakeyo alibe, m'maiko 9, ndipo kuno Lilongwe ndi Blantyre analimo. Amene ali ndi kachilomboyo CD4 yake imakhala pakati pa 350 ndi 550. Gulu lina (maanja 886) linayamba ma ARV pompo, gulu lina (877) linadikira mpaka CD4 itsike kufika 250 kapena munthu adwale matenda okhudzana ndi Edzi. Anthu 39 anatenga kachilombo, mwa iwowa 28 zinatsimikizika poyeza majini a kachilomboko kuti anakatengera kwa okondedwa awo omwe anali nawo mu kafukufuku. Pa 28 amenewa, 27 anali a gulu lodikira, mmodzi yekha wa gulu loyamba msanga. Ndiye paja pamachokera 96% yotchuka ija, yoti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana kachilombo ndi 96%.

Njira yoyamba ndi yomwe anatenga mnzanga, kutsata pepa ndondomeko yake. Mawu oyamba, njira zomwe anagwiritsa ntchito, zotsatira, zokambirana, basi silaidi ndi silaidi monga mmene mitu ilili mu pepamo. Ubwino wake sindingaukane. Imapangika msanga, madzulo amodzi wamaliza, sufunika kusankha kwambiri chifukwa olemba anakusankhira kale, komanso lekichara akakhala ndi pepa lake lolembera malikisi amapeza chilichonse pamalo pomwe akuchiyembekezera. Ndipo sungaiwale gawo lofunika ayi, chifukwa ukungoyenda mmene pepa likuyendera.

Koma vuto ndi nthawi. Anatuluka ndi masilaidi 16. Atatu oyamba anali a mbiri ya HIV ndi kafukufuku wakale, anayi a njira (oyenera kulowa nawo ndani, anagawa bwanji magulu, mankhwala anali ati, amayeza chiyani), kenako tebulo lija lalikulu lofotokoza anthu a m'magulu awiriwo, zaka zawo, amuna angati akazi angati, atalikopera lonse ndi sikirinishoti moti amene tinakhala kumbuyo timangoona mizere yotuwa. Ndinkayang'ana wotchi, pomwe woyang'anira nthawi amakweza pepala losonyeza kuti kwatsala mphindi ziwiri iye anali akungofika kumene pa 27 ndi 1. Chinthu chomwe pepa lonse linalembedwera anachinena mothamanga mu masekondi ngati 20 nkudumpha masilaidi atatu omaliza, timangoona akuthwanima. Zinandiwawa chifukwa pepalo analiwerenga bwino kuposa ine, mafunso onse amayankha osagwedera.

Chomwe chimachitika nchakuti pepa linalembedwera munthu amene akhoza kubwerera mmbuyo, kudumpha, kuyamba ndi girafu kenako nkukaona njira. Womvetsera sangatero. Ukamuuza za CD4 350 mpaka 550 pa mphindi yachitatu asanadziwe kuti funso ndi lotani, nambalayo alibe poikoloweka, imangogwa pansi.

Njira yachiwiri ndi yomwe ndinayesa ine, supavaiza wanga ndi amene anandikankhira. Anandiuza kuti laputopu nditseke kaye, nditenge pepala ndilembe chiganizo chimodzi chomwe ndikufuna munthu akachinene kwa mnzake akatuluka mu holo. Ndinalemba kuti: kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kwambiri kupatsirana HIV pakati pa maanja. Kuchoka apo silaidi iliyonse imayenera kudziteteza, ngati sikuthandiza chiganizo chimenechi ichoke. Mutu wa silaidi iliyonse umakhala chiganizo chathunthu chonena mfundo, pansi pake chithunzi kapena girafu imodzi yoikira umboni, osati timadontho tambirimbiri. Kalembedwe aka ka mutu wachiganizo ndi umboni pansi amakaphunzitsa kwambiri Michael Alley wa ku Penn State, si kuti ndinakapeka ine.

Zinatuluka masilaidi 7, ndipo nthawi ndinaigawa chonchi. Yoyamba ya mutu ndi funso, mphindi imodzi: munthu ali ndi kachilombo, CD4 ikadali bwino, kodi akayamba mankhwala lero amuteteza mnzake? Yachiwiri mphindi ina imodzi, chifukwa chake funsoli linali lisanayankhidwe, kuti zinkadziwika kale kuti kachilombo kakachepa m'magazi kupatsirana kumachepanso koma panafunika kafukufuku wogawa anthu mwamaere kuti atsimikize. Yachitatu ndi njira yonse pa silaidi imodzi, mphindi ziwiri, ndinajambula ndekha bokosi la 1,763 pamwamba, mivi iwiri kutsika, 886 uku 877 uko, pansi pa lililonse mawu ochepa onena kuti amayamba liti mankhwala. Yachinayi ndiye mtima wake ndipo ndinaipatsa mphindi ziwiri ndi theka, ndinafikapo wotchi ili pa mphindi 4 zokha. Panali manambala awiri akuluakulu, 1 ndi 27, ndi kamzere kamodzi pansi ka HR 0.04 (95% CI 0.01 mpaka 0.27). Ndinanena manambalawo nkukhala chete pang'ono, anthu anadzutsa mitu pa mafoni. Yachisanu inali ya umoyo wa omwe amamwa mankhwalawo eni ake, kuti matenda aakulu anali ochepa mu gulu loyamba msanga makamaka TB ya kunja kwa mapapo, mphindi imodzi. Yachisanu ndi chimodzi malire a kafukufuku, yomaliza kubwerera ku funso lija ndi yankho lake. Zonse pamodzi 9 ndi theka, theka lotsalalo ndi la pulojekitala ikachedwa kapena lilime likakodwa.

Apa ndiye pomwe ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa njira yachiwiriyi ili ndi msampha wake woopsa kuposa wa yoyamba ija. Ukamadula kuti nkhani iyende bwino, nzosavuta kudula chinthu chomwe chimasintha tanthauzo. Poyeserera koyamba ndinali nditachotseratu nambala ya 39, ndimangonena 28 ngati kuti ndiwo onse amene anatenga kachilombo. Supavaiza anandiimitsa pompo, "Nanga 11 enawo mwawaika kuti?" Ndipo amanena zoona. 96% ija ndi ya okhawo omwe zinatsimikizika kuti anatengera kwa okondedwa awo a mu kafukufuku. Ukawerenga onse 39 zimakhala 4 ndi 35, kusiyana kudakali kwakukulu koma si nambala yomweyo, ndipo pali phunziro lake, mankhwala omwe akumwa mwamuna wako kapena mkazi wako sangakuteteze ku kachilombo kochokera kwina. Munthu wotsata pepa ndondomeko yake sangaphonye zimenezi chifukwa zili pomwepo mu ndime ya zotsatira. Wodula ndi amene amaphonya. Ndinakonza poika kamzere pamwamba pa 1 ndi 27 kuti 39 onse, 28 otsimikizika, ndipo kunena zimenezi kumangotenga masekondi 15.

Chimodzimodzi pa silaidi ya malire. Ndinasankha ziwiri zokha zomwe munthu wodziwa angafunse: kuti pafupifupi maanja onse, 97%, anali a mwamuna ndi mkazi ndiye sungangotenga zotsatirazi nkuziika pa aliyense, komanso kuti zotsatira zinatulutsidwa msanga mu 2011 komiti yoyang'anira kafukufukuyo itaona kusiyanako, anthu atatsatidwa pafupifupi chaka ndi miyezi 8 basi. Zomaliza zinadzatuluka mu 2016 ndipo zinali 93%. Kachiganizo kamodzi kameneka kanandiyankhira funso lisanafunsidwe.

Nanga zonse zodulidwa zija zimapita kuti? Sizitayidwa. Tebulo la anthu a m'magulu, mndandanda wa oyenera kulowa nawo, girafu ya Kaplan-Meier, ndinaziika kuseri kwa silaidi yomaliza nkulemba manambala ake pa kapepala. Mu PowerPoint masilaidi akamaonetsedwa ukalemba nambala ya silaidi nkudina Enter imalumphira pomwepo, ndiye wina atafunsa ngati magulu awiriwo anali ofanana poyamba ndinangolemba 9, tebulo mbee, ndayankha, nkubwerera. Mnzanga uja tebulo lomwelo linamudyera mphindi yathunthu mkati mwa nthawi yake, ine linandithandiza pa nthawi ya mafunso yomwe siwerengedwa.

Pa ntchito yokonzekera musanamizidwe, yachiwiri ndi yolemetsa. Masilaidi ndi ochepa koma ndinatha masiku atatu, chifukwa kujambulanso chithunzi cha njira, kusankha chodula, komanso poti pa silaidi palibe mawu oti uziwerenga ndiye uyenera kuidziwa nkhani pamtima. Ndinayeserera kanayi mokweza mawu ndi Rehearse Timings, koyamba zinakwana mphindi 13. Kuyeserera chamumtima kumanamiza, nthawi imaoneka yokwana pomwe siili choncho. Njira yoyezera ngati nkhani ikuyenda ndi yosavuta, werengani mitu ya masilaidi yokhayokha motsatizana osaona zamkati, ikamveka ngati ndime imodzi yomveka ndiye kuti zili bwino. Ya mnzanga ikanamveka kuti mawu oyamba, njira, njira, njira, zotsatira, zomwe sizikuuza munthu kanthu.

Ndiye musankhe iti? Ngati semina yake ndi yoti mukasanthule mmene kafukufuku anachitikira, lekichara akufuna aone ngati mukumvetsa kugawa mwamaere ndi zofooka za kapangidwe kake, tsatani pepa, koma mbiri ija ikhale silaidi imodzi yokha ndipo zotsatira mufikepo mphindi 6 zisanakwane. Ngati omvera ndi osakanikirana, ena sanaliwerenge nkomwe pepalo, ine ndingatengenso yachiwiri mosakayika, kungoti musanaime kutsogolo mupeze munthu amene waliwerenga pepa lonse amvetsere kamodzi, ntchito yake ikhale imodzi yokha, kukugwirani pomwe mwadula chinthu ngati 11 aja.