Makapisozi a vitamini E kapena mtedza ndi magwafa?

Anthu ambiri kuno ku Thyolo akumafunsa ngati kuli koyenera kugula botolo la makapisozi a vitamini E. Yankho lagona pa mmene vitaminiyu amagwirira ntchito.

Selo iliyonse ya m'thupi imakutidwa ndi kachikopa kopangidwa ndi mafuta. Kachidutswa kolusa kochokera ku okosijeni kakalanda haidulojeni pa futa limodzi, futalo limagwirana ndi okosijeni, nalonso n'kulusa n'kukalanda kwa loyandikana nalo. Zimapitirira choncho ngati moto wa m'tchire mpaka kachikopako kuyamba kudontha. Fungo la nsinjiro zokhalitsa limachokera ku kuwonongeka kwa mtundu womwewu. Vitamini E amakhala pakati pa mafutawo ndipo amapereka haidulojeni wake, kulandanako n'kuthera pomwepo.

Koma akapereka amakhala watha mphamvu. Apa ndiye pofunika vitamini C, amene amakhala m'madzi ozungulira kachikopako. Iye amabwezera vitamini E chimene wataya, n'kuyambanso ntchito. Ndi chifukwa chake vitamini E mmodzi amakwanitsa kulondera mafuta oposa chikwi. Kwa osuta fodya, vitamini E amatha msanga, makamaka vitamini C akachepa m'magazi.

Chomwe chimandiwawa pa makapisozi ndi nambala ya pabotolo. Mabotolo awiri onse alemba 400 IU, muyeso wa kuchuluka kwa vitaminiyu, mtengo n'kufanana, koma mphamvu yosiyana. Lolembedwa d-alpha ndi lachilengedwe, ndipo kapisozi wake ali ndi 268 mg. Lolembedwa dl-alpha ndi lopangidwa kufakitale, ndipo chiwindi chimasunga theka lokha la mitundu isanu ndi itatu ya vitaminiyu yomwe ili mmenemo, choncho limawerengedwa ngati 180 mg. Kachilembo kamodzi ka l, kolembedwa mochepetsetsa kuseri, wogulitsa sakuuzani. Chikhalirecho munthu wamkulu amangofunika 15 mg patsiku. Zochuluka chonchi zingathe kuchedwetsa kuundana kwa magazi, zomwe n'zoopsa kwa amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Kafukufuku wina wotchedwa SELECT adapeza mu 2011 kuti kwa abambo omwa 400 IU tsiku lililonse, chiopsezo cha khansa ya pulositeti chidakwera ndi 17 peresenti poyerekeza ndi omwe sankamwa. Ndipo m'kapisozimo vitamini C mulibe.

Nanga m'mbale? Mtedza wolemera magalamu 100 uli ndi pafupifupi 8 mg, supuni yaikulu ya mafuta a mpendadzuwa yoposa 5 mg, ndipo theka la peyala likuwonjezera pafupifupi 2 mg. Mwafika pa 15, komanso mafuta othandiza kuti vitaminiyu alowe m'thupi ali momwemo. Makadamiya, ngakhale ndi odula, ali ndi wochepa kwambiri. Gwafa mmodzi wamkulu amakwaniritsa vitamini C wa tsiku lonse, 75 mg kwa amayi ndi 90 mg kwa abambo. Nanazi wa ku Mulanje amathandizanso.

Mbale nayo ili ndi pophonyera. Soda kapena chidulo m'ndiwo zamasamba zimapha vitamini C, ndipo mafuta okazingira tchipisi mobwerezabwereza mpaka kuda amakhala atataya vitamini E wambiri.

Ine ndili kumbali ya mtedza ndi magwafa. Makapisozi asiyireni amene thupi lawo limalephera kuyamwa mafuta, omwe adokotala awalembera mlingo.