Ndemanga ya kabuku ka mafunso akale a malamulo a mgwirizano: kamaphunzitsa bwino, koma yankho lake lalikulu lili ndi bowo

Kabuku aka ndi kofotokopedwa, ka mafunso akale a mayeso a malamulo a mgwirizano, ndipo funso lililonse lili ndi yankho lachitsanzo lolembedwa m'njira ya IRAC. Njirayo ili ndi masitepe anayi: kutchula nkhani imene anthu akukanganirana, kunena lamulo lake, kugwiritsa ntchito lamulolo pa zimene zachitika, kenako kupereka chigamulo. Titakagwiritsa ntchito pokonzekera mayeso, tikukapatsa nyenyezi 3 mwa 5. Chifukwa chake chikuoneka bwino pa funso loyamba, lomwenso ndi lalitali kuposa onse.

Funsolo lili motere. Lolemba, mwini minibasi akulembera makaniko kalata yoti amugulitsa minibasiyo pa K12 miliyoni, ndipo amudikira mpaka Lachisanu. Kalatayo ikufika Lachiwiri, ndipo makaniko akutumiza uthenga wofunsa ngati angalipire kawiri, theka lero theka mwezi wamawa. Mwini minibasi sakuyankha. Lachitatu m'mawa akugulitsa minibasiyo kwa munthu wina, n'kuponya ku positi kalata yobweza mawu ake. Lachitatu lomwelo masana, dalaivala wa minibasiyo akuuza makaniko kuti galimoto yapita kale. Cha m'ma 3 koloko makaniko akuponya kalata yovomera kugula pa K12 miliyoni. Kalata yobweza mawu ikufika Lachinayi, yovomera ikufika Lachisanu. Funso likuti: langizani makaniko.

Chimene kabukuka kachita bwino kwambiri n'kukana kuti funso lonse likhale ndi IRAC imodzi. Ophunzira ambiri amalemba kuti nkhani ndi yakuti kodi pali mgwirizano, kenako amakhuthula milandu yonse imene analoweza masamba awiri athunthu, n'kumaliza ndi mzere umodzi. Kabukuka kamayamba ndi kujambula mzere wa masiku, Lolemba mpaka Lachisanu, n'kuika chochitika chilichonse pa tsiku lake. Pamzerewo pamatuluka nkhani zing'onozing'ono, ndipo iliyonse imalandira masitepe ake anayi isanabwere inzake.

Nkhani yoyamba kaifotokoza mosaphonyetsa. Kodi uthenga wa Lachiwiri unali kunenerera mtengo, kapena kungofunsa? Lamulo likuchokera pa mlandu wa Hyde ndi Wrench wa 1840: munda unatsatsidwa pa mapaundi 1,000, wogula anati apereka 950, ndipo khoti linati potero anapha mawu oyamba aja, sakanathanso kubwerera kuti avomere 1,000. Koma pa mlandu wa Stevenson ndi McLean wa 1880, wogula zitsulo anangofunsa ngati katunduyo angaperekedwe m'miyezi iwiri, ndipo khoti linati kufunsa si kukana. Pogwiritsa ntchito malamulowa, kabukuka kamagwira mawu enieni a makaniko. Sanatsitse mtengo, K12 miliyoni ili pomwepo. Sananene kuti agula pokhapokha alipire kawiri, anafunsa kuti kodi zingatheke. Kamavomerezanso mbali inayo, kuti mwini minibasi anganene kuti kulipira kawiri n'kusintha mfundo ya malonda, ndipo kamaonetsa chifukwa chake mfundoyo ili yofooka. Apa ndi pamene mamalikisi ambiri amakhala, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta: ndime yogwiritsa ntchito lamulo ikapanda dzina la tsiku, ndalama, kapena mawu a munthu wa m'funsolo, ndiye kuti mwangobwereza lamulo kachiwiri.

Lonjezo lodikira mpaka Lachisanu kalidutsa mwachangu, ndipo n'koyenera. Makaniko sanapereke kalikonse kuti amusungire minibasiyo, choncho mwini wake anali ndi ufulu wobweza mawu nthawi ina iliyonse asanavomerezedwe, monga pa mlandu wa Routledge ndi Grant wa 1828. Mizere isanu yakwana.

Vuto lili pa makalata a Lachitatu. Kabukuka kakunena malamulo awiri molondola. Kalata yovomera imayamba kugwira ntchito ikangoponyedwa ku positi, malinga ndi mlandu wa Adams ndi Lindsell wa 1818, pamene kalata yobweza mawu imagwira ntchito ikafika kwa mwini wake, malinga ndi mlandu wa Byrne ndi Van Tienhoven wa 1880. Kakatero kamawerengera kuti kuvomera kunachitika Lachitatu 3 koloko, kubweza mawu kunachitika Lachinayi, ndiye mgwirizano ulipo ndipo makaniko akasume. Dalaivala uja sakutchulidwa ngakhale kamodzi.

Wolemba mayeso saika munthu m'funso kuti angodzaza pepala. Dalaivalayo anaikidwamo chifukwa cha mlandu wa Dickinson ndi Dodds wa 1876, pamene wofuna kugula nyumba anamva kwa munthu wina kuti mwini wake akuigulitsa kwina, ndipo khoti linati sakanathanso kuvomera popeza ankadziwa kuti mnzakeyo wasintha maganizo. Kubweza mawu sikufuna kuti kuchokere pakamwa pa wogulitsa yekha, bola uthengawo ufike kudzera mwa munthu wodalirika. Ndiye nkhani yeniyeni ndi iyi: kodi dalaivala wa minibasiyo ndi munthu wodalirika pa za kugulitsidwa kwake? Iye ndi amene amaiyendetsa tsiku ndi tsiku, mwina ndi amenenso anapereka makiyi, ndipo sananene kuti wamva mphekesera pa siteji, anati galimoto yapita. Makaniko angatsutse kuti dalaivala si mwini katundu ndipo sanatumidwe, koma mlandu wa 1876 sunafune kuti wobweretsa uthenga akhale wotumidwa. Zikatero, mawu a mwini minibasi anafa Lachitatu masana, kalata yovomera isanaponyedwe, ndipo lamulo la positi silingadzutse chinthu chimene chafa kale. Uphungu woyenera ndi wakuti mlandu wa makaniko ndi wofooka, ndipo angapambane pokhapokha khoti litaona kuti mawu a dalaivala anali miseche chabe. Wophunzira amene angaloweze yankho la m'kabukuka adzalemba molimba mtima chigamulo chimene chadumpha mfundo imene funsolo linamangidwira.

Cholakwika ichi chimagwidwa ndi pensulo. Mukamaliza pulani ya yankho, bwererani pa funso n'kuchonga chiganizo chilichonse chimene mwachigwiritsa ntchito. Chotsala chosachongedwa, monga cha dalaivalayu, kawirikawiri ndicho chabisa nkhani ina. Kabukuka sikanena za chizolowezi chimenechi paliponse.

Kagawidwe ka nthawi nakonso n'kothandiza. Pa pepala la maola atatu la mafunso anayi, funso limodzi limatenga mphindi 45, ndipo kakulangiza kuti 10 zipite pa kuwerenga ndi kujambula mzere wa masiku, 30 pa kulemba, 5 pa kuwerenganso. Mayankho ake achitsanzo, komabe, ndi aatali moti munthu wolemba pamanja sangawamalize m'mphindi 30, choncho muyenera kuwadula nokha, kuyambira pa mbiri za milandu zimene zafotokozedwa motalika kuposa mmene lamulo likufunira.

Milandu yonse ndi ya ku Mangalande. Zimenezi si zolakwika, chifukwa malamulo a mgwirizano kuno anachokera komweko kudzera m'lamulo la atsamunda la 1902, koma kabukuka sikatchula chigamulo ngakhale chimodzi cha makhoti a kuno, ndipo zimenezo muyenera kukazifufuza m'manotsi a m'kalasi. Masamba awiri a kumapeto anatuluka ofufutika pofotokopa, zaka za milandu ina sizikuwerengeka, ndiye tsegulani kumapetoko musanapereke ndalama.